Ikwezhoni ya mzere ikakana kugwirizana ndi mapoyinti: mmene mungapezere pamene palakwika

Mwapatsidwa mapoyinti awiri, mwapeza giradiyenti, mwalemba ikwezhoni ya mzere, koma yankho lanu ndi lina, la kumapeto kwa buku ndi lina. Mwabwereza samuyo ndipo mwapezanso zomwezo. N'zosadabwitsa, chifukwa munthu akamabwereza samu yake amaponda momwe anaponda poyamba, ndipo diso limalumpha cholakwika chomwe linalumpha kale. Chothandiza si kubwereza ayi, koma kuifunsa ikwezhoniyo kuti ikuuzeni pamene yadwala. Njira yake ndi imodzi: bwezerani mapoyinti onse awiri mu ikwezhoni, ndipo muone mmene akuphonyera. Kaphonyedwe kakeko ndi kamene kamaulula vuto.

Tigwiritsa ntchito samu imodzi pafupifupi mpaka kumapeto. Mapoyinti ndi A(−2, 7) ndi B(4, −5). Ndawasankha dala chifukwa onse ali ndi nambala ya mainasi, ndipo m'pamene anthu ambiri amagwera.

Tiyambe ndi kuichita bwinobwino. Giradiyenti, imene timailemba ndi chilembo m, imatiuza kuti y ikukwera kapena kutsika bwanji pamene x yawonjezeka ndi 1. Fomula yake ndi iyi:

m = (y₂ − y₁) / (x₂ − x₁)

Tikatenga B kukhala poyinti yachiwiri, pamwamba tili ndi −5 − 7 = −12, ndipo pansi tili ndi 4 − (−2) = 6. Choncho m = −12/6 = −2. Kenaka tilemba y = −2x + c ndi kuikamo A kuti tipeze c: 7 = −2(−2) + c, kutanthauza 7 = 4 + c, ndiye c = 3. Ikwezhoni ndi y = −2x + 3. Tiyese ndi B: −2(4) + 3 = −5. Yagwirizana.

Onani kuti tayesera ndi B, osati A. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Poyinti imene mwagwiritsa ntchito popeza c idzavomera ikwezhoni yanu ngakhale giradiyenti ikhale yolakwika chotani, chifukwa c yopezekayo mwaipanga kuti ikwanire poyinti yomweyo. Kuyesera ndi A kumangokuuzani ngati mwawerengetsa bwino c. Za giradiyenti, mboni ndi B.

Poyinti imodzi ikuvomera, inayo ikukana

Zikatere, musataye nthawi ndi c. Vuto lili pa giradiyenti, ndipo nambala yolakwika imene mwapezayo imanena yokha chimene chinachitika.

Ngati mwapeza m = 2 m'malo mwa −2, ndiye kuti mwasemphanitsa ndondomeko ya kuchotsera. Pamwamba munayamba ndi B, kulemba −5 − 7 = −12, koma pansi munayamba ndi A, kulemba −2 − 4 = −6. Mainasi ya pamwamba ndi ya pansi zathetsana, ndipo kwatsala 2. Mukapitiriza ndi A mupeza c = 11 ndi y = 2x + 11. Poyinti A ikuvomera, pakuti 2(−2) + 11 = 7, koma B ikupereka 19 m'malo mwa −5. Zilibe kanthu kuti mwayamba ndi poyinti iti. Mukayamba ndi A ponseponse mupeza 12/(−6), yomwe ndi −2 yomwe ija. Chofunika ndi chakuti amene wayamba pamwamba ayambenso pansi.

Vuto limeneli mungaligwire musanalembe n'komwe fomula. Yang'anani mapoyintiwo kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kuchoka pa A kupita pa B, x ikukula kuchoka pa −2 kufika pa 4, pamene y ikutsika kuchoka pa 7 kufika pa −5. Mzere wotsika mukamapita kumanja uli ndi giradiyenti ya mainasi, palibe kuchitira mwina. Mukaona pulasi papepala lanu, imani pomwepo.

Ngati mwapeza m = −6, chizindikiro n'cholondola koma kukula kwake ayi. Apa 4 − (−2) mwailemba ngati 4 − 2. Mainasi ya fomula ndi mainasi ya nambala zinakumana, ndipo imodzi inameza inzake. Mwa zolakwika zonse za mutu uno, ichi ndi chimene chimabwera kawirikawiri, ndipo chimagwira ngakhale anthu odziwa bwino masamu akamathamanga. Mankhwala ake ndi mabulaketi. Nambala iliyonse ya mainasi imene mukuika mu fomula, iikeni m'mabulaketi ake, ndipo mabulaketiwo muwachotse pa mzere wotsatira, osati m'mutu. Muthanso kuganiza za mtunda: kuchoka pa −2 kufika pa ziro ndi 2, kuchoka pa ziro kufika pa 4 ndi 4, zonse pamodzi 6. Manambala awiri okhala mbali zosiyana za ziro sangatalikirane ndi 2 chabe pamene imodzi mwa iwo ndi 4.

Ngati mwapeza m = −1/2, mwatembenuza fulakishoni, kusiyana kwa x kwapita pamwamba ndipo kwa y kwapita pansi. Zimachitika chifukwa mu poyinti timalemba x poyamba, ndiye dzanja limafuna kuyambanso ndi x. Pano y yasintha ndi 12 pamene x yasintha ndi 6 yokha, kusonyeza kuti mzerewo ndi wotsetsereka kwambiri. Kusintha kwa y kukaposa kwa x, giradiyenti, mukaichotsa chizindikiro, iyenera kuposa 1. Theka silingakhale yankho.

Mapoyinti onse awiri akukana

Pano musangonena kuti zalakwika. Lembani kuti aliyense waphonya ndi zingati. Tinene kuti mwapeza y = −2x + 11. Pa A ikupereka 15 m'malo mwa 7, yapitirira ndi 8. Pa B ikupereka 3 m'malo mwa −5, yapitiriranso ndi 8. Kuphonya kofananaku ndi nkhani yabwino. Kukutanthauza kuti mzere wanu wapendekeka moyenera koma wangokwera m'mwamba wonse, ndiye giradiyenti ili bwino, cholakwika ndi c basi. Ndipo kuphonyako kwakupatsani kale yankho: chotsani 8 pa 11, mutsala ndi 3.

Nanga 11 ameneyu wachokera kuti? Ngati munagwiritsa ntchito y = mx + c, ndiye kuti −2(−2) munaitenga ngati −4. Ngati munagwiritsa ntchito fomula inayi,

y − y₁ = m(x − x₁)

munayamba bwino ndi y − 7 = −2(x + 2), koma potsegula mabulaketi munalemba −2x + 4 m'malo mwa −2x − 4. Nambala ya −2 imachulukitsa zonse za m'mabulaketi pamodzi ndi chizindikiro chake.

Palinso cholakwika china chobisika chimene chimapereka kaphonyedwe komweka: kutenga x ya poyinti ina ndi y ya poyinti ina. Wina amalemba y + 5 = −2(x + 2), pamene 5 wachokera kwa B ndipo 2 wachokera kwa A. Zotsatira zake ndi y = −2x − 9, mzere wodutsa pa (−2, −5), poyinti imene palibe anaitchula. Mapoyinti onse awiri amaphonya ndi 12, ndipo 12 ndiye kusiyana kwa y ya A ndi y ya B. Mukaona kuti kuphonya kukufanana ndi nambala imene inali pamwamba pa fulakishoni ya giradiyenti, kaikirani zimenezi poyamba.

Mapoyinti onse akakana koma ndi manambala osiyana, giradiyenti ndi yolakwika ndithu, ndipo mwina c nayonso. Konzani giradiyenti poyamba, chifukwa c imadalira iyoyo.

Onse akuvomera, koma buku lalemba zina

Ndiye kuti mwakhoza. Pa mapoyinti awiri osiyana pamadutsa mzere wowongoka umodzi wokha, choncho ikwezhoni ya mzere wowongoka imene mapoyinti onse awiri akuivomera ndi yolondola. Buku likhoza kulemba 2x + y = 3, kapena 2x + y − 3 = 0, ndipo zonsezi ndi y = −2x + 3 yomwe ija yongosamutsidwa. Ingowerengani funso kuti muone ngati lanena kalembedwe kamene likufuna.

Pansi pa fulakishoni patuluka ziro

Tengani (3, 1) ndi (3, 8). Fomula ikupereka 7/0, ndipo makina owerengera ambiri amalemba `Math ERROR`. Simunalakwitse. Mapoyinti onse ali ndi x yofanana, ndiye mzerewo waima chilili. Mzere wotere ulibe giradiyenti yoti n'kuilemba ngati nambala, chifukwa kugawa ndi ziro sikutheka, ndipo y = mx + c siingaufotokoze. Ikwezhoni yake ndi x = 3.

Ambiri amasokoneza zimenezi ndi za mzere wogona. Pa (−1, 4) ndi (6, 4) fomula ikupereka 0/7, ndipo iyi ndi nambala yabwinobwino, ziro. Giradiyenti ndi 0 ndipo ikwezhoni ndi y = 4. Kulemba m = 0 pa mzere woima chilili ndi kulakwitsa kwenikweni, pakuti kumakupatsani mzere wogona umene udutsa pa poyinti imodzi yokha mwa awiriwo. Kuti musasokonezeke pa ikwezhoni, funsani kuti ndi chilembo chiti chimene nambala yake sikusintha. Chimenecho ndicho chimalowa mu ikwezhoni.

Mapoyinti atatu: kodi ali pa mzere umodzi?

Tiwonjezere C(1, 1). Giradiyenti ya AB tikuidziwa kale, ndi −2. Ya AC ndi (1 − 7)/(1 − (−2)) = −6/3 = −2. Ndi zofanana, ndipo mizere iwiriyi ikudutsa pa A yomweyo, choncho A, B ndi C ali pa mzere umodzi. Poti ikwezhoni tili nayo kale, pali njira yachidule: ikani C mu y = −2x + 3, mupeza −2 + 3 = 1, ndipo yagwirizana. Poyinti D(7, −10) ikukana. Giradiyenti ya BD ndi −5/3, ndipo ikwezhoni ikunena kuti pa x = 7 y inayenera kukhala −11.

Mawu akuti mizere ikudutsa pa poyinti imodzi musawasiye polemba yankho. Kufanana kwa giradiyenti pakokha kumangosonyeza kuti mizere yalunjika kofanana, ndipo mizere yoyenda moyandikana osakumana nayonso imatero. Pa mapoyinti atatu simungaphonye, chifukwa awiriawiri alionse amene mungasankhe amakhala ndi poyinti imodzi yogawana. Koma pa anayi mukhoza kugwa. Mzere wodutsa pa (0, 0) ndi (1, −2) uli ndi giradiyenti −2 ngati AB, koma (0, 0) sili pa y = −2x + 3.

Ena amakonda kuyesera ndi kutalika, kuona ngati AB + BC = AC. Ine njirayi sindiilimbikitsa. Imagwira pokhapokha B ali pakati pa enawo, ndipo mu samu yathuyi wapakati ndi C. AB ndi √180, BC ndi √45, AC ndi √45, ndiye woyesa AB + BC = AC adzanena kuti mapoyintiwo sali pa mzere umodzi pamene ali pomwepo. Zimene zikugwirizana ndi AC + CB = AB. Kuwonjezera apo, njirayi imakukokerani ku madesimo, ndipo madesimo ndiwo vuto lalikulu la mbali ino.

Magiradiyenti akungotsala pang'ono kufanana

Apa tisinthe mapoyinti kuti vuto lioneke bwino. Tengani P(1, 2), Q(4, 3) ndi R(10, 5). Giradiyenti ya PQ ndi 1/3, ya QR ndi 2/6, yomwe ndi 1/3. Ali pa mzere umodzi. Koma wina akafupikitsa 1/3 kukhala 0.33, apeza c = 1.67, ndipo poika R apeza 4.97 m'malo mwa 5. Kodi anene kuti R ali pa mzere kapena ayi? Sangadziwe, chifukwa sangasiyanitse kuphonya kobwera ndi kufupikitsa nambala ndi kuphonya kwenikweni.

Choopsa kwambiri ndi pamene madesimo avomera zabodza. M'malo mwa R ikani S(104, 36). Giradiyenti ya QS ndi 33/100, imene ndi 0.33 ndendende. Ya PQ mukaifupikitsa ndi 0.33. Papepala zikuoneka zofanana, ndipo munthu amalemba kuti mapoyinti ali pa mzere umodzi. Sali. Ikwezhoni yeniyeni ya PQ ndi x − 3y + 5 = 0, ndipo S ikupereka 104 − 108 + 5 = 1, osati ziro. Girafu nayonso siingakupulumutseni pano. S yaphonya mzere ndi 1/3 yokha, ndipo mukajambula x kuchoka pa 0 kufika pa 104 pa masentimita 20, y nayonso pa muyeso womwewo, kuphonyako sikukwana ngakhale milimita imodzi. Kumabisala pafupi ndi mzere wa pensulo. Girafu ndi yabwino pogwira chizindikiro cholakwika, koma si umboni woti mapoyinti ali pa mzere umodzi.

Choncho siyani giradiyenti ikhale fulakishoni mpaka kumapeto. Ndipo poyerekeza mafulakishoni awiri, simufunika kugawa n'komwe. Chulukitsani mopingasa, nambala ya pamwamba ya fulakishoni yoyamba ndi ya pansi ya yachiwiri, kenaka ya pamwamba ya yachiwiri ndi ya pansi ya yoyamba. Mapoyinti atatu ali pa mzere umodzi ngati

(y₂ − y₁)(x₃ − x₂) = (y₃ − y₂)(x₂ − x₁)

Pa P, Q ndi R, kumanzere kuli 1 × 6 = 6 ndipo kumanja kuli 2 × 3 = 6. Zafanana. Pa P, Q ndi S, kumanzere kuli 1 × 100 = 100 ndipo kumanja kuli 33 × 3 = 99. Sizinafanane, ndipo palibe chokaikitsa, pakuti 100 ndi 99 ndi manambala athunthu. Mapoyinti akakhala a manambala athunthu, njirayi siitulutsa desimo ngakhale imodzi.

Ubwino wina ndi woti mzere woima chilili suivutitsa. Pa (3, 1), (3, 8) ndi (3, −4), njira ya giradiyenti imakusiyani ndi 7/0 ndi −12/0, zinthu ziwiri zimene simungaziyerekeze ngati manambala. Njira yopingasa ikupereka 7 × 0 kumanzere ndi −12 × 0 kumanja, zonse ziro, ndipo yankho ndi lolondola: onse ali pa x = 3. Ngati awiri okha ndi amene ali ndi x yofanana, monga (3, 1), (3, 8) ndi (5, 2), kumanzere mupeza 7 × 2 = 14 ndipo kumanja −6 × 0 = 0, kusonyeza kuti sali pa mzere umodzi.

Kusiyana kwa mbali ziwirizo kulinso ndi tanthauzo lake. Mukalumikiza mapoyinti atatuwo n'kupanga thirayango, kukula kwa malo a m'kati mwake ndi theka la kusiyanako, osawerengera chizindikiro. Pa P, Q ndi S kusiyana ndi 1, ndiye thirayangoyo ndi yaitali, yopyapyala, ya malo okwana 1/2. Kusiyana kukakhala ziro, thirayango yaphwatalala n'kusanduka mzere. N'chifukwa chake mabuku ena amayesa mapoyinti atatu ndi fomula ya kukula kwa malo a thirayango. Ndi samu yomweyi yongolembedwa mwina.

Njirayi ili ndi malire ake awiri. Choyamba, mapoyinti awiri mwa atatuwo akakhala poyinti imodzi yolembedwa kawiri, mbali ziwirizo zimafanana nthawi zonse, poyinti yotsalayo ikhale paliponse. Yankho silabodza, koma silikuuzani kanthu, ndipo nthawi zambiri ndi chizindikiro choti mwakopera funso molakwika. Chachiwiri, manambala akakhala ochokera ku miyeso, oyezedwa ndi rula kapena owerengedwa pa girafu, musayembekezere kuti mbali ziwirizo zifanana ndendende. Pamenepo pezani ikwezhoni pogwiritsa ntchito mapoyinti awiri otalikirana kwambiri, ikanimo x ya wapakati, ndipo muyerekeze kuphonya kwa y ndi kulakwitsa kumene chida chanu choyezera chingachite. Mukatenga awiri oyandikana, kulakwitsa kochepa pa giradiyenti kumakula mzere ukamapita kutali. Pa 0.33 ija, kuphonya pa x = 10 kunali 0.03 yokha, koma pa x = 104 ikwezhoni y = 0.33x + 1.67 ikupereka 35.99 pamene mzere weniweni uli pa 36.33, kuphonya kopitirira 0.3.

Funso lina limabwera motembenuza: lapereka A(−2, 7), B(4, −5) ndi (k, 13), ndipo likufuna k imene ipangitse atatuwo kukhala pa mzere umodzi. Mukhoza kufananitsa magiradiyenti, (13 − 7)/(k + 2) = −2, koma k ili pansi pa fulakishoni, ndipo ambiri amapunthwa poitulutsa. Njira yosalala ndi kuika 13 mu ikwezhoni imene mwaitsimikiza kale: 13 = −2k + 3, ndiye −2k = 10 ndipo k = −5. Ngati mwapeza 5, yang'ananinso mmene mzere ukuyendera. Ukutsika kupita kumanja, choncho poyinti imene y yake ndi 13, yoposa 7 ya A, iyenera kukhala kumanzere kwa A, kumene x ndi yochepera −2.